Kukhwapa kwada ndi tiziphuphu, ndisiye lezala ndiyambe wakisi?

Nachisale wa ku Mufakose, mu Harare: Abale anga ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikumeta kukhwapa ndi lezala kawiri pa sabata, koma pakatha masiku awiri kumatuluka tiziphuphu toyabwa, tina tokhala ndi katsitsi kopindika mkati, ndipo tikapola timasiya mabanga akuda. Loweruka ndinagula kirimu wochotsa tsitsi pa famase ina m'tauni. Ndinali nditameta Lachinayi, tiziphuphu tilipobe. Pabokosi analemba mphindi 5, ine ndinasiya pafupifupi 12 poona kuti tsitsi silikuchoka lonse. Pano khungu lasupuka, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno thukuta likalowapo mu kombi misozi imachita kulengeza. Ku saluni andiuza wakisi, kuzula tsitsi ndi phula, madola 10. Kodi ndi yabwino kwa khungu ngati langali, kapena ndingotaya ndalama?

Mayi a Chiso: Pepani asisi. Lezala ndiye musiyiretu, imakhwimitsa tsitsi, likamamera limabwera lambiri. Mabangawo pakani ndimu ndi soda, ayera. Wakisi ine ndimapanga, pamakhala posalala milungu itatu.

Nabanda (ndimagwira ntchito mu saluni): Mayi a Chiso, za milungu itatu mwanena zoona, koma ndimu ndi soda pa khungu losupuka ayi chonde, mabanga angowonjezeka. Komanso lezala sichulukitsa tsitsi. Imalidula pakati pamene lili lonenepa, nsonga n'kukhala yakuthwa, nchifukwa chake limamveka lolimba. Tsitsi lathuli ndi lopotana, ndiye nsonga ija ikamakula imabwerera n'kubaya khungu. Tiziphuphu tanu tikuchokera pamenepo.

Za kirimu, asisi, munalakwitsa pawiri. Mankhwala ake ndi aukali ngati aja timawongolera tsitsi, amasungunula tsitsi, ndipo khungu lapamwamba linapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za tsitsilo. Mukapitirira nthawi amayamba kudya khungu. Ambiri salola kudutsa mphindi 10. Chachiwiri, munapaka pamalo amene lezala inali itapala kale. Kirimu amafuna khungu lopanda bala, ndipo muyenera kuyamba mwayesa pakamalo kakang'ono n'kudikira maola 24.

Panopa musapange chilichonse. Tsukani ndi madzi okha, pakani vaselini wopanda fungo, za kununkhiritsa kukhwapa muziike kaye pambali. Mukaona mafinya, kutupa kukufalikira kapena thupi likutentha, pitani ku kiliniki. Mutabwera kwa ine lero ndikhoza kukubwezani, chifukwa wakisi pa khungu lotere imanyamula ndi khungu lomwe.

Bambo Phiri, Epworth: Ine ndevu zinkandivuta chimodzimodzi pakhosi. Ndinasiya lezala, ndimagwiritsa makina ometera, osapala mpaka pakhungu, kumasiya timizu pang'ono. Tiziphuphu tinatha. Vuto ndi magetsi basi, gulani otchaja.

Nachisale wa ku Mufakose: Zikomo bambo, ngakhale ine ndikunena za kukhwapa. A Nabanda, ndidikire nthawi yaitali bwanji? Nanga ndalama, paketi ya malezala ya dola imodzi imandikwanira mwezi, wakisi ndiye kuchulukitsa ka 10.

Nabanda: Dikirani mpaka khungu litapoleratu, losafiira, losawawa mukaligwira. Kwa ambiri ndi milungu iwiri kapena kuposa. Tsitsi nalo lifike ngati kambewu ka mpunga, mamilimita 5 kapena 6, apo ayi wakisi siligwira. Pa ndalama mwawerenga bwino. Mukamapita mwezi uliwonse pa mtengo umenewo ndi madola 120 pachaka, lezala 12. Ndipo sindingakunamizeni kuti wakisi sibweretsa tiziphuphu. Tsitsi likaduka pansi pa khungu m'malo mozuka, limamerera mkati momwemo. Ndili ndi makasitomala amene anasintha kwambiri, ena anabwerera ku makina. Malangizo a Bambo Phiri musawanyoze, amagwiranso ntchito kukhwapa, kungoti sipakhala posalala kwenikweni.

Funso limodzi, musakhumudwe: mumadzola mafuta oyeretsa khungu pamabangapo? Ambiri a iwo amapyapyalitsa khungu, wakisi n'kulisenda.

Chemwali a ku Chitungwiza: Ine wakisi inandivulaza. Anatenthetsa kwambiri phula lija, ndipo kamtengo kamodzi ankaviika mobwereza mumphika. Sindinabwererekonso. Kirimu ndi amene amandiyanja, mphindi 4 ndachotsa, fungo ngati mazira owola lokha ndi lomwe limanditopetsa.

Mayi a Chiso: Ine ndimu anandithandiza, koma chabwino, aliyense ndi khungu lake.

Nachisale wa ku Mufakose: A Nabanda, mafutawo ndinayamba kudzola mwezi watha, anandipatsa mnzanga ku tchalitchi, kabotolo kopanda dzina. Ndiye ndikasiya lero, wakisi ndingapange liti?