Ndinkaika ndi kutapa mosatsata ndondomeko, phindu langa ndi peresenti zingati?

Mayi wa ku Ulongwe: Abale, ndithandizeni masamu. Ndili ndi akaunti kukampani ina yomwe imatigulira masheya ndi kukongoza boma ndalama zathu. Pa 10 Januwale 2023 ndinaikamo 40,000 MT. Nditagulitsa soya, pa 15 Julaye ndinawonjezera 60,000. Pa 20 Novembala ndinatapa 25,000 yogulira feteleza. Pa 10 Januwale 2024 munali 82,000. Ine ndikuwona phindu la 7,000 pa 100,000, ndiye 7 peresenti. Koma pepala lomwe ananditumizira likuti 14 peresenti. Mwana wanga anayesa pa Excel, zikungotuluka `#NÚM!`. Akundinamiza ndani?

Kachewere wa ku Tsangano: Mayi, musagawe ndi 100,000. Munatapa 25,000, ndiye yanu yeniyeni ndi 75,000. Phindu ndi 9.3 peresenti, nkhani yatha.

Aphunzitsi a masamu, Moatize: Achimwene a ku Tsangano, mwayandikira koma mwaiwala masiku. Feteleza uja anagulidwa mu Novembala, kutanthauza kuti 25,000 inagwira ntchito kaye isanachoke.

Mayi, yerekezani ganyu. Wolima chaka chonse ndi wolowa m'munda mu Julaye simungawawerengere mofanana. 40,000 yanu inakhalamo masiku onse 365. 60,000 inakhalamo masiku 179 okha, ndiye iwerengedwe ngati 60,000 × 179 ÷ 365, yomwe ndi 29,425. Ya feteleza inasowamo masiku 51 omaliza, tichotse 25,000 × 51 ÷ 365, yomwe ndi 3,493. Ndalama yomwe inagwiradi ntchito chaka chonse ndi 65,932. Gawani 7,000 ndi imeneyo, mupeza 10.6 peresenti. Izi mutha kuchita ndi cholembera pa chikuto cha kope.

Yankho lenileni limasiyana pang'ono chifukwa phindu nalo limabereka phindu. Funso lake ndi ili: ndi chiwongoladzanja chanji cha pachaka chomwe, chitagwira pa ndalama iliyonse kuyambira tsiku lake, chikanakusiyirani 82,000 ndendende? Pa 7 peresenti mukanapeza pafupifupi 79,600 yokha, ndiye 7 wachepa. Kompyuta imangoyesa chotere mpaka zitakumana. Mwana wanu alembe motere:

```
A           B
10/01/2023  -40000
15/07/2023  -60000
20/11/2023   25000
10/01/2024   82000
=XTIR(B1:B4;A1:A4)
```

Zituluka pafupifupi 10.7 peresenti. Ngati Excel wake ndi wa Chingerezi, dzina ndi `XIRR`, ndipo mwina afunika kulemba `,` m'malo mwa `;`.

Mayi wa ku Ulongwe: Zatuluka, aphunzitsi! Mwanayu sanaike kamzere kochotsera kaja, zonse analemba zowongoka. Koma 82,000 sindinaitape, bwanji tikuilemba ngati yatuluka?

Aphunzitsi a masamu, Moatize: Ndiye gwero la `#NÚM!` limenelo. Muziyang'ana kuchokera m'thumba mwanu: yochoka m'thumba ili ndi kamzere, yobwerera m'thumba ilibe. Ya kumapetoyo timachita ngati mwatseka akaunti tsiku limenelo n'kulandira zonse. Mukaisiya, kompyuta iganiza kuti munaika 100,000 n'kubwezeredwa 25,000 basi. Chenjeraninso ndi madeti. Kompyuta yochunidwa Chimereka imawerenga 10/01 ngati 1 Okutobala, ndipo 15/07 siimuzindikira n'komwe ngati deti.

Mnyamata wa pa Zobwe: Ine ndangoyesa zanga. Ndinaika 10,000, patatha sabata imodzi yafika 10,200. Akuti 180 peresenti! Ndisiye kusintha makwacha pamalire pano?

Aphunzitsi a masamu, Moatize: Usasiye, mphwanga. Wapindula 200 basi. Kompyuta yatenga 2 peresenti ya sabata imodziyo n'kuibwereza chaka chonse ngati sabata iliyonse idzakhala yotero. Nthawi ikachepera chaka, nambala imeneyo imanyenga.

Kachewere wa ku Tsangano: Chabwino ndagonja, koma nanga 14 uja? Ine ndikuti akampani akukometsa malonda.

Mlongo wa ku Furankungo: Mwina ayi. Ndinagwirapo ntchito yowerengera ndalama, ndipo mapepala ambiri otere amawonetsa mmene thumba lonse la ndalama za anthu oikamo layendera kwa munthu amene anaika kamodzi mu Januwale osakhudzanso. Tinene kuti linakwera 12 peresenti kufika Julaye, kenako 2 yokha. Pamodzi ndi 14 n'kadontho. Koma nthawi yokomayo mayiwa anali ndi 40,000 yokha, yambiri inalowa zinthu zitazizira. Nambala ziwirizo zitha kukhala zowona zonse.

Kachewere wa ku Tsangano: Kapena anawerengera asanadule zawo.

Mlongo wa ku Furankungo: Zimenezonso n'zotheka. Mayi, afunseni kuti akauntiyo inali ndi zingati pa 14 Julaye, musanawonjezere. Ikakhala chapafupi ndi 44,800 ndiye ndalondola. Afunseninso ngati 14 wawoyo ndi wotsala atachotsa malipiro awo ndi msonkho.

Mayi wa ku Ulongwe: Ndawaimbira, akuti amene amadziwa zimenezo watuluka, ndiyesenso Lolemba. Pakadali pano ndalemba 10.7 m'kope langa.