Za ngongole ya mandasi, tikambirane Lachinayi lisanafike

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Tikambirane pano kuti Lachinayi tisakachedwe ngati sabata yatha. Abiti Jafali anatenga ngongole ya K120,000 ku banki m'khonde yathu, chiwongoladzanja K24,000, zonse pamodzi K144,000. Mwezi wakwana, abweza K60,000, yatsala K84,000. Iwo akuti yambiri mwa yotsalayo ndi ya Make Chikondi. Koma m'buku muli dzina limodzi.

Abiti Jafali: Dzina ndi langa, sindikukana, chifukwa masheya a mnzanga sankakwana. Koma nonse munalipo tikunena kuti geni ndi ya awiri. Timakazinga mandasi 200, ine 100 kudoko, iwo 100 pa siteji. Ine 5 koloko ndili kale kudoko, ikamakwana hafu 7 beseni lili mbee. Anzanga amakhala mpaka dzuwa kupendeka n'kubwerako ndi mandasi 30. Ndiye K60,000 ija yachokera kwa ndani? Theka langa ndi K72,000, ndatsala ndi K12,000. Inayo afunseni eni ake.

Make Chikondi: Asisi, lankhulani zonse. Amakanda ufa usiku ndani? Amadzuka 2 koloko kukoleza moto ndani? Inu mumangofika kudzanyamula otentha. Ine ndiyambe ndakonzekeretsa ana kusukulu, nditunge madzi, pa siteji ndimafika cha m'ma 10, mandasi atazizira kalekale.

Che Yusufu: Amayi musavutike, nkhani apa ndi malo. Kudoko kuli ndalama. Alovi, anyamata ogwira ntchito yosodza aja, akamatsika m'boti amakhala atazizidwa usiku wonse, njala ili m'mimba, ndipo amalandira zawo pompopompo nsomba zikagulidwa. Onjezanipo amayi oyanika usipa ndi ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe. Wa pa siteji amagulitsa kwa munthu wa pawindo la minibasi amene mtima wake uli ku Monkey Bay. Abiti akunena zoona, doko silingafanane ndi siteji.

Msungichuma: Che Yusufu, mwanena zoona koma theka. Kope la geni yawo lili kwa ine, anandipatsa okha, ndipo ndakhala nalo usiku wonse. Tiyambe ndi mtanda umodzi. Ufa makilo 5 alemba K13,000, mafuta malita 2 K10,000, shuga K3,500, yisiti ndi mchere K1,000, nkhuni K2,500. Zonse K30,000, ndipo mumatuluka mandasi 200. Ndiye kuti limodzi limawadyera K150, iwo n'kumagulitsa K250.

Tsono apa mumvetsetse. Aliyense akanyamula beseni lake la 100, wanyamula K15,000 ya mpamba. Mandasi 60 oyamba sapindula kanthu, amangobweza mpambawo. Phindu lonse lili mu 40 omaliza. Munthu akagulitsa 70 amaona ngati tsiku layenda, ndalama zili tho m'kansalu, koma ake enieni ndi 10 okha.

Abiti Jafali: Eya, ndi zimene ndikunenazo. Ine 40 omalizawo ndimagulitsa.

Msungichuma: Tsiku labwino mumagulitsadi. K25,000, kuchotsa mpamba, kuchotsa K2,000 ya kabaza popeza simungayende nokha mumdima, mumatsala ndi K8,000. Masiku oterowo m'kopemu alimo 16 mwa masiku 24 amene munagulitsa. Nanga 8 enawo bwanji simukuwatchula?

Abiti Jafali: Amenewo si vuto langa. Mwezi unali ukuwala, kenako mwera.

Agogo a Shakira: Pamenepo nanga. Ine ndakwatiwa ndi msodzi zaka zonsezi. Usipa amaukopa ndi nyali. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, usipa subwera pa nyali, ndipo a chilimira ambiri sapita n'komwe. Mwera ukawomba ndiye mabwato amagona pamchenga. Doko lake lomwelo, ola lake lomwelo, koma mupezako agalu ndi ana basi. Mwana wanga, unakulira kuno, sunadziwe kuti sabata ya mwezi sukanda ufa wonse?

Msungichuma: Zikomo agogo. Masiku 8 amenewo kudoko ankagulitsa mandasi ngati 45. Ndiye K11,250 pa beseni la K15,000, kabaza analipiridwabe. Tsiku lililonse ankaluza K5,750, masiku 8 ndi K46,000. Chotsani pa K128,000 ya masiku abwino, doko labweretsa K82,000 mwezi wonse.

Pa siteji palibe tsiku la chikondwerero, komanso palibe tsiku la maliro. Make Chikondi amagulitsa 70 pa mtengo wake, madzulo ena 20 amatsitsa pa K100, otsala amadya ana. Kuchotsa mpamba, tikiti ya msika ndi majumbo, amatsala ndi K3,500. Masiku 24 ndi K84,000. Werengani nokha kuti wamkulu ndani.

Che Yusufu: Aaa, koma zoona? Siteji kupambana doko?

Msungichuma: Sinapambane, angofanana. K2,000 si yokanganirana.

Make Chikondi: Mwamva asisi? Mwezi wonse mwakhala mukundinena kuchigayo kuti ndine katundu.

Abiti Jafali: Kuchigayo sindinatchule dzina la munthu. Ndipo masiku a mwera otsala anga ndinkakubweretserani pa siteji, munkatani nawo?

Make Chikondi: Anga omwe akundikana, ndiye ndigulitse 55 enanso? Pa siteji tilipo amayi 6 a mandasi, wina amakazingira pomwepo, fungo lokha limaitana anthu. Amene anagona ndinayesa kuwatenthetsa m'mawa, anangomwa mafuta n'kuuma ngati mwala. Ndi kutentha kwa kunoku tsiku lachiwiri amayamba kale kafungo.

Mayi Mbewe: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati nkhani ndi yokweza chiwongoladzanja ine ndakana, 20 pa 100 yatikwana.

Mlembi: Palibe akukweza mayi, werengani kuchokera pamwamba.

Mayi Mbewe: Ooh, ndaona. Koma Make Chikondi, 10 koloko ndi ola la mandasi? Mandasi ndi a tiyi. Ine ndili ku Boma pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndinkayala beseni 6 koloko, a kabaza ndi anthu otsika kuchokera ku Namwera ndi ku Malindi ankamaliza isanakwane 9. Tsiku limene ndachedwa ndinkabwerera nawo. Dzuwa likakwera munthu amafuna madzi ozizira, thobwa, kapena chipisi, osati chinthu chouma pakhosi. Lachisanu lokha ndi limene masana ankayenda, anthu akamatuluka ku Juma. Ndipo mwezi wa Ramadani musadzayerekeze n'komwe kuyala m'mawa, malonda onse amasamukira madzulo nthawi yofutulu. Ine chaka china ndinataya mtanda wathunthu tsiku loyamba la swaumu chifukwa chosawerenga masiku.

Tcheya: Malangizo tawamva, koma bokosi likufuna ndalama. Amsungichuma, ngati phindu lonse ndi K166,000, bwanji akulephera K144,000? Ndalama zapita kuti?

Msungichuma: Funso lake ndi limenelo atcheya. Tsiku lililonse aliyense ankatapa K3,000 ya ndiwo, tsiku labwino ndi loipa lomwe. Anthu awiri, masiku 24, ndi K144,000. Ndendende ngongole yathu, inathera mu mpoto. Pa phindu panatsala K22,000, ndipo imeneyo sinafike m'manja, ili kwa alovi. Abiti ankawapatsa mandasi pa ngongole masiku a mwera, m'kope n'kulemba ngati agulitsa.

Abiti Jafali: Mukawakaniza tsiku la njala, tsiku la nsomba amakagula kwa wina. Geni ya kudoko imayenda choncho. Adzalipira.

Agogo a Shakira: Ena adzalipira. Koma alovi amatsata nsomba, lero ali pa Makawa, mawa mumva ali ku Msaka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Make Chikondi: Ine za ngongole ya alovi ndazimvera pano. Sindinavomereze, isandikhudze.

Abiti Jafali: Nanga 10 amene ana anu amadya tsiku lililonse ndinavomereza ine?

Tcheya: Amayi, ulemu. Ndiye K60,000 anabweza ija inachokera pati?

Msungichuma: Pa mpamba womwewo. Pa K120,000 anagula chiwaya, mabeseni awiri ndi sefa, K30,000. Pa K90,000 yotsala atibwezera K60,000, asunga K30,000 ya mtanda wa mawa. Kunena mosabisa, atibwezera ndalama zathu zomwe. Si ya doko, si ya siteji.

Che Yusufu: Ndiye alipire chindapusa basi, malamulo tinalemba tokha. Ine nditachedwa masiku atatu munandidula osandimvera chisoni.

Mlembi: Lamulo limati ngongole ikapitirira mwezi, yotsalayo imabereka 20 pa 100. Pa K84,000 ndi K16,800, ndiye mwezi wamawa ndi K100,800. Chindapusa chimene munalipira inu Che Yusufu chinali chosabwera ku msonkhano, osasakaniza.

Che Yusufu: Ndikabweretsa pasibuku yanga Lachinayi, tikaone.

Msungichuma: Ine maganizo anga ndi awa. Gulu likudziwa Abiti, ndipo zikavuta tidzadula masheya awo pogawana mu Disembala. Koma poti tonse ndife mboni kuti anatengera awiri, Make Chikondi asayine m'buku kuti theka ndi lawo. K100,800 ingatheke ngati ya ndiwo itsika kufika K1,000 mpaka ngongole ithe, pamenepo pokha papulumuka K96,000. Sabata ya mwezi, kapena mukamva mwera usiku, kandani makilo 3, kudoko kupite 40 okha kapena kusapite kanthu. Ndipo beseni la pa siteji lifike 6 koloko.

Make Chikondi: 6 koloko ana andiperekezera ndani? Pokhapokha tisinthane, asisi akamaliza kudoko hafu 7 adzikhala pa siteji, ine ndizikazinga ndi kuyang'ana pakhomo. Kusayina ndisayina, koma theka la K84,000 kuchotsapo ya alovi.

Abiti Jafali: Ndiyende kudoko, ndikhalenso pa siteji, phindu tigawane pakati? Ayi. Ndipo K1,000 ya ndiwo mugula chiyani masiku ano, tomato atatu?

Mayi Mbewe: Bwanji kudoko muwonjezere tiyi? Munthu wozizidwa sangakane.

Abiti Jafali: Tiyi alipo kale amene amagulitsa, ndi mlamu wanga, sindingamulowerere.

Tcheya: Chabwino. Lachinayi 2 koloko kwa Mlembi. Abiti mubwere ndi maina a alovi ndi zimene aliyense anatenga. Make Chikondi mubwere ndi pasibuku. Za K22,000 tikavota, chifukwa apa ndaona kuti sitimvana.

Agogo a Shakira: Mwezi ukhala wathunthu sabata yamawa, ndangokukumbutsani musanagule ufa.

Abiti Jafali: Ufa ndagula kale dzulo agogo, makilo 25.