Duwa langa likufota koma ndimathirira, thandizeni

Nabanda wa ku Mufakose: Abale thandizeni. Duwa langa la m'nyumba, lija amati labala, masamba apansi asanduka achikasu akuthothoka, ena angoti lende ngati lili ndi ludzu chonsecho ndimathirira m'mawa uliwonse, madzi ochita kukatunga ku mjigo poti mpopi kuno ndi wouma. Alandilodi ati tuntchentche tothamangathamanga pa dothi tikuwanyansa, mlamu wanga naye amathiramo tiyi wotsala. Anandisiyira malemu mayi, likafa ndidzalira.

Gogo wa ku Mbare: Ndi chiswe chimenecho mwanawe, thira phulusa. Chinandithera mbatata ine.

Achisale: CHISWE M'NYUMBA? Gogo ayi. Ikani feteleza basi, duwa lili ndi njala.

Mayi a Tadala: Achemwali, mphika wake uli ndi mabowo pansi? Nunkhizani dothilo.

Nabanda: Ulibe, ndi wa simenti wopaka utoto. Likununkha ngati ngalande.

Mayi a Tadala: Ndiye mizu ikuwola. Madzi akhazikika pansi, mizu ikusowa mpweya, ndipo muzu wowola sukoka madzi, n'chifukwa chake likuoneka laludzu. Kuzizira kwa Juni kuno duwa limamwa pang'ono, inu mukungoonjezera. Lizuleni lero, tsukani dothi lonse. Muzu wamoyo ndi wolimba, woyererako. Wowola ndi wakuda, wofewa, mukaukoka khungu limavuka kutsala kaulusi. Dulani yonse yotero mpaka pabwino ndi sizasi yopukuta ndi sipiliti. Dothi lakale tayani.

Achisale: Zonsezo zachani, ikani miyala pansi pa mphika nkhani yatha. Ine ndimatero zaka zonsezi!

Mayi a Tadala: Achisale, miyala situlutsa madzi, amangokhala momwemo, mwangochepetsa malo a mizu. Ndipo feteleza wanuyo awotcha timizu totsalato, adikire mpaka litaphuka tsamba latsopano.

Mnyamata wa ku Epworth: Vuto ndi mlamuyo, duwa lazolowera tiyi wa mkaka 😂 Koma anti musaboole ndi msomali, wanga unasweka pakati. Pezani wa makina obowolera khoma, apite pang'onopang'ono akuthira madzi.

Achisale: Kuboola mphika wokongola chonchi? Ana a masiku ano.

Mayi a Tadala: Osaboolanso zimatheka. Bzalani mu kachidebe ka pulasitiki ka mabowo, kongokwana mizu yotsalayo, mukalowetse mu wa simentiwo, pothirira muzikatulutsa kakhe kaye. Dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino, osati katondo yekha, amagwira madzi. Ngati mizu yatha yoposa theka chotsaniko masamba ena. Muzithirira pokhapokha mukapisa chala n'kupeza mouma, tuntchentche tuja tidzachepanso.

Nabanda: Ndazula. Mizu yolimba yatsala pang'ono, koma tsinde pansi penipeni likubonyoka ndikadina. Pamenepa nditani?

Mayi a Tadala: Tsinde likafewa zavuta. Dulani nsonga ya pamwamba yolimba, masamba awiri atatu, muyike m'madzi mwina imera mizu, koma nyengo yozizira ino zimachedwa.

Achisale: Mukanaika miyala.