Ndithandizeni kalata yoika pamwamba pa mapepala a ngongole

Abale anzanga muno, ndithandizeni maganizo. Ine ndili ndi chigayo kuno ku Santhe ndiye ndikufuna kukatenga loni ya K6 miliyoni kubanki ku Kasungu boma kuti ndionjezere cha shela. Ulendo woyamba anandibweza ati mapepala anga ndi osokonekera, ndinangowaunjika mu envulopu, mpaka wapa desiki uja anachita kuwayala patebulo kufunafuna fomu. Anati ndilembe kalata yoika pamwamba yotchula pepala lililonse motsatana ndi mawu ochepa ofotokoza.

Ndalemba chonchi: 1 fomu ya ngongole, yosainidwa masamba onse, 2 kopi ya chiphaso cha unzika, mbali zonse ziwiri, 3 satifiketi ya bizinesi, dzina ngati la pa akaunti, 4 sitetimenti ya miyezi 6, yodindidwa, 5 koteshoni ya makina, yosonyeza komwe ndalamazo zipite, 6 mapepala a chikole.

Pomwe pandivuta ndi pa 6 apa. Nyumba yomwe ndikufuna kupinyolitsa ili pamalo a makolo, ndilibe lizi, ndili ndi kalata ya amfumu basi, ndiye ndilembe kuti chani pamzere umenewo osaoneka ngati ndikunama? Nanga koteshoni ikhale patsogolo pa sitetimenti? Ine ndikuona ngati ibwere msanga poti ndi imene ikufotokoza K6 miliyoniyo.

Komanso chiphaso changa chinatha ntchito, ndili ndi kapepala kosonyeza kuti ndinakalembetsa china, ndikatchule pa 2 pomwepo kapena kakhale ndi nambala yakeyake? Amene munadutsamo chonde ndiuzeni, ndikubwererako Lachinayi.