Kalata kwa aphunzitsi pa zithunzi za IA: ndilembemo chiyani?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndine wophunzira zojambula nyumba, chaka chachitatu, ndipo ntchito yanga ndi shedi ya msika wa mbatata ndi matimati ku Ulongwe. Pulani, miyeso ndi chifanizo chonse cha nyumbayo ndinachita ndekha mu SketchUp. Zithunzi zinayi zokongoletsa ndiye ndinazidutsitsa mu Stable Diffusion ndi ControlNet, mapulogalamu a IA kapena kuti nzeru zopangidwa za kompyuta, kuti njerwa, malata ndi anthu zioneke ngati zenizeni. Aphunzitsi anati aliyense wogwiritsa ntchito IA alembe kakalata kofotokoza, koma chitsanzo sanatipatse. Ndalemba motere:

"Aphunzitsi, zithunzi za patsamba 6 ndi 7 zakonzedwa mothandizidwa ndi Stable Diffusion. Maganizo onse a nyumbayi ndi anga. Zikomo."

Kodi zakwana? Ndikuopa kuti ndikachulutsa mawu ayamba kukayikira ntchito yonse.

Yohane wa ku Moatize: Zakwana achemwali, musadziikire msampha nokha. IA imangopaka utoto, nyumba siisintha. Mwatchula dzina la pulogalamu, basi.

Mai Nabanda: A Yohane, dzina litchulidwe inde, koma zoti siisintha nyumba ayi. Ine ndimajambula mapulani ku Tete kuno ndipo zithunzi zotere ndimaziona. Tadala mwanawe, kalata yako ikuyankha funso limene aphunzitsi sakuvutika nalo. Iwo akufuna kudziwa kuti pachithunzipo akhulupirire chiti, asiye chiti. Uike chithunzi cha mu SketchUp pambali pa chimene chinatuluka, uwerenge zipilala, uone kutalika kwa khonde ndi kumene mthunzi wagwera. Undiuzenso kuti `denoising strength` unaika pa zingati.

Tadala: Ziwiri ndinaika 0.35, zinazo 0.7 chifukwa zimaoneka bwino. Ndawerenga, amayi. Pa za 0.35 zipilala zilipo 8 monga papulani. Pa chimodzi cha 0.7 zatsala 7, ndipo pamene ndinasiya mpata wa mphepo pansi pa denga paikidwa magalasi.

Mai Nabanda: Ndi zimenezo. Nambalayo ikamakwera makina amakhala ndi ufulu wambiri wosiya chithunzi chako. Chipilala chimodzi chikasowa ndiye kuti mpata pakati pa zipilala wakula, ndipo mphunzitsi watcheru afunsa kuti mtanda wa denga uyenda bwanji pamenepo. Magalasi ndiye aipitsitsa, chifukwa apha nzeru yako yonse yotulutsira mpweya wotentha wa pansi pa malata.

Uonenso mthunzi. Kuno tili kummwera kwa Ekweta, choncho mu Juni masana dzuwa limakhala kumpoto, pafupifupi madigiri 50 kuchoka pansi, mthunzi nkugwera kummwera. Khonde lotuluka mita 1,2 limaphimba khoma la kumpoto pafupifupi mita 1,4 kutsika. Makinawo sadziwa kumpoto kwa pulani yako, amangoika mthunzi pamene pakongola. Ngati ukunena kuti amayi ogulitsa akhala pamthunzi, umboni ukhale mthunzi wa mu SketchUp, utaika malo, tsiku ndi ola. Kalatayo inene poyera kuti mithunzi ya patsamba 6 ndi 7 si yoyezera.

Bambo a Fatsani: Ine ndimafuna pulani ya nyumba ya zipinda zitatu ku Domwe. IA imeneyi ingandijambulire pa mtengo wanji?

Yohane wa ku Moatize: Bambo, tsegulani funso lanu padera, pano tikukamba za sukulu. Koma Mai Nabanda, akalemba zonsezo sakudzichotsera mamalikisi yekha?

Esinati: Kwathu mnzanga analemba zonse, mpaka mawu amene analamula nawo makina, koma aphunzitsi anakana zithunzizo, amvekere akufuna za pamanja. Winanso analemba chimodzimodzi kwa mphunzitsi wina, anamuyamikira. Ndiye zimatengera munthu. Ine ndikanayamba ndawafunsa pamaso ngati akufuna mawu olamulawo alembedwe onse.

Tadala: Ndakonza motere, mundionere:

"Aphunzitsi, pulani, miyeso ndi chifanizo cha mu SketchUp ndapanga ndekha. Zithunzi A ndi B patsamba 6 zachokera pachifanizocho, nkudutsa mu Stable Diffusion ndi ControlNet pa `denoising strength` 0.35. Makina awonjezera maonekedwe a njerwa, anthu, madengu ndi mitambo. Zipilala ndi mipata ndazifananitsa ndi pulani, zikugwirizana. Mithunzi yake si yoyezera, yoyezera ili patsamba 4. Zithunzi zoyambirira ndaziika pambali pake."

Za 0.7 zija ndizichotse, kapena ndizisiye nkulemba zimene zasintha?

Mai Nabanda: Cha magalasi chichotse. Chinacho bwereza pa 0.35, uwerengenso zipilala.

Yohane wa ku Moatize: Ine cha magalasi ndikanachisiya, ndi chimene chingakope anthu pa tsiku loonetsa ntchito.