Mayeso obwereza a mwana wathu: alimbane ndi malikisi angati?

Mayi: Mwaswera bwanji nonse? Mwana wanu kozi imodzi yamuvuta, abwereza mayeso. Akuti ngakhale atapeza 80 amulembera 50 basi, ndiye akufuna kungowerenga zomufikitsa pa 50. Tithandizane nzeru.

Amalume: Zomulembera 50 ndi zoona achemwali, koma kulowa m'mayeso ukufuna 50 n'koopsa. Mphwanga, ntchito ya m'kalasi unapeza zingati, ndipo amaphatikiza bwanji?

Mwana: Ndinapeza 35 pa 100 amalume. Ya m'kalasi imatenga 40 peresenti, mayeso 60 peresenti.

Amalume: Tawerengera bwino. 35 kuchulukitsa ndi 0.4 ndi 14. Kuti ufike pa 50 patsala 36, ndipo 36 kugawa ndi 0.6 ndi 60. Papepala la mayeso ukufunika 60. Ukapeza 50 akupatsa 30, kuphatikiza 14 uja ndi 44, walepheranso.

Azakhali: Izi zili choncho ngati amayamba aphatikiza kenako n'kudula pa 50. Sukulu zina pobwereza siziwerengeranso ntchito ya m'kalasi, 50 wapapepala amakwana. Zina zimadula malikisi a pepala lenilenilo zisanaphatikize. Zikakhala zotero, ngakhale atalemba bwino chotani athera pa 44 yemweyo, pokhapokha ngati malamulo akumulola kubwerezanso maasayimenti. Apa mpamene pakundidetsa nkhawa.

Mayi: Nanga tidziwa bwanji kuti kwawoko amatsata ziti?

Azakhali: Zili m'buku la malamulo a mayeso, mulamu. Afunsenso ku ofesi ya mayeso, amuyankhe polemba. Zomva kwa anzake ayi.

Achimwene: Ngati akufunika 60, akonzekere 70. Munthu akamadzichonga yekha amadzikomera mtima, ndipo tsikulo funso limodzi likhoza kubwera mokhota. Kupitirira 70 sikumuwonjezera kanthu pa zotsatira, nthawi imeneyo ipite ku makozi ena.

Mwana: Ndimaganiza zowerenga mitu itatu yokha imene ndimaimva bwino. Mafunso amakhala anayi, lililonse malikisi 25, onse oyankha.

Achimwene: Usayerekeze. Ukasiya funso limodzi, atatu otsalawo ufunika 20 pa 25 lililonse, ndipo malikisi omalizirawo ndiwo ovuta kutola. Ukayankha onse anayi, 15 pa funso akukwanira. Malikisi oyamba pa funso savuta: kutanthauzira, kulemba fomula, kuonetsa njira. Mutu wokuvutawo uudziwe kufika potola 12 kapena 13, enawo uzipeza 19.

Amalume: Tigawane chonchi. Mphwanga, mawa ujambule tsamba la malamulolo ulitumize pagulu pano, azakhali ako aliwerenge. Loweruka ulembe pepala la chaka chatha, osatsegula manotsi, mu nthawi yeniyeni ya mayeso. Ndichonga ine. Ukapeza ochepera 60, tiona funso lakudyera malikisi, sabata yamawa ukhale pamenepo ndi achimwene ako.

Mwana: Ndamva amalume. Tsambalo nditumiza mawa m'mawa.