Nyimbo zikuimitsa nkhani m'sewero lathu, ndikupempha nzeru

Mphunzitsi, Nkhotakota:
Akuluakulu, ndimatsogolera gulu la zisudzo la achinyamata kuno ku Nkhotakota, ndipo tikukonza sewero la ola limodzi lokhala ndi nyimbo zisanu. Nkhani yake ndi ya mnyamata amene akufuna kulowa m'gulu la asodzi a usipa kuti apeze fizi ya mlongo wake, koma mayi ake akukana chifukwa bambo a anawa anathera panyanja nthawi ya mwera. Titayeserera pamaso pa makolo ochepa, ndinaona kuti nyimbo ikangoyamba anthu amayamba kucheza, ndipo amabwereranso m'nkhani ochita sewero akayambanso kulankhula. Zandiwawa, chifukwa anawa amaimba bwino ndipo nyimbozi tinazivutikira. Kodi cholakwika chili pati? Chachiwiri, ndikufuna kuti nyimbo ya mnyamatayu, imene kolasi yake imati "ndidzabwera kukacha", imvekenso kumapeto, koma sindikudziwa ngati ndiibwereze yonse monga ilili.

Woimbitsa kwaya, Salima:
Aphunzitsi, ibwerezeni yonse osachotsako kanthu. Ife kwaya ikaimba nyimbo imene yakhudza anthu, timaiimbanso potuluka ndipo mpingo wonse umaimba nawo. Nyimbo imene munthu waimva kamodzi kokha amaiwala asanafike n'kunyumba komwe.

Mayi amene anaphunzitsapo zisudzo:
Aphunzitsi, ndisanayankhe ndifunse kaye. Kodi mnyamatayu amaimba nyimboyi pa nthawi iti, asanawauze mayi ake kuti akupita kapena atawauza kale? Nanga mayiwo amakhala akutani iye akuimba?

Mphunzitsi, Nkhotakota:
Amaimba atamaliza kukangana. Amakangana, mayi amagonja n'kunena kuti pita, kenako iye amaimba mavesi atatu ofotokoza za umphawi wawo ndi chikondi chake pa mlongo wake. Mayi amakhala pamphasa n'kumamvetsera.

Mayi amene anaphunzitsapo zisudzo:
Vuto lagona pomwepo, aphunzitsi. Pamene nyimbo ikuyamba, mlandu watha kale, ndipo oonerera akudziwa kuti apita. Mwawapatsa mphindi zitatu zomva zimene amva kale m'mawu olankhula, n'chifukwa chake akupeza mpata wocheza. Njira yoyesera nyimbo iliyonse ndi iyi: ichotseni, muwerenge sewero popanda iyo. Ngati nkhani ikumvekabe bwinobwino, ndiye kuti nyimboyo sikunyamula katundu aliyense.

Ndikanakhala ine, ndikanadula mkangano uli pakati, mayi asanavomere, kuti kugonja kwawo kuchitikire m'kati mwa nyimbo. Vesi yoyamba mnyamata akupempha, ndipo mayi amufulatira, akupeta mpunga. Mnyamatayo akamati "ndidzabwera kukacha" koyamba, mawuwo ndi onyengerera chabe. M'vesi yachiwiri mayi ayankhe poimba, anene chimene sanachinenepo chiyambire sewero, kuti bambo a mnyamatayo nawonso ananena mawu omwewo usiku umene sanabwerere. Apa oonerera amva chinthu chatsopano, ndipo kolasi yomwe ija yayamba kulemera. M'vesi yachitatu mnyamata asiye kupempha, anene kuti akupita ngakhale asaloledwe, ndipo mayi, osalankhula kanthu, alowe m'nyumba akatenge nyali ya malemu n'kumupatsa m'manja. Nyimbo ikamatha, iye wanyamuka. Poyamba panali mwana wopempha ndi mayi wokana, pomaliza pali msodzi ndi mayi amene wamulola akudziwa zimene nyanja imachita. Munthu amene anatuluka panja pa mphindi zitatu zimenezo sadzamvetsa gawo lotsatira, ndipo mukafika pamenepo mudziwe kuti nyimboyo ikuyendetsa nkhani.

Bambo wa zokuzira mawu, Salima:
Mwina vuto ndi zida. Mukamachitira m'holo ya malata, mawu amabwerera, ndipo ng'oma ndi kiyibodi zimaphimba oimba. Ine ndimaika masipika kutsogolo kwa siteji, osati kumbuyo kwa oimba, apo ayi maikolofoni amalira.

Mphunzitsi, Nkhotakota:
Zikomo bambo, koma ife tinachitira pansi pa mtengo popanda zida, tinali ndi ng'oma imodzi ndi gitala basi. Mfundo yoti mawu azimveka ndaitola, chifukwa ngati chinsinsi cha mayi chikhale m'vesi yachiwiri, ng'oma iyenera kutsika pamenepo. Mayi, nanga za kubwereza kumapeto zija?

Mayi amene anaphunzitsapo zisudzo:
Bambo a kwaya anena zoona pa mbali imodzi: anthu ayenera kuidziwa chuni kuti aizindikire ikabweranso. Choncho kolasi imveke katatu m'nyimbo yoyamba, ndipo gitala akhoza kuiimbanso motsitsa, popanda mawu, pa nthawi imene mlongo akulandira ndalama yoyamba ya fizi. Koma kuibwereza yonse sindikugwirizana nako. Kumbukirani nthano zimene agogo ankatisimbira madzulo, zokhala ndi nyimbo yovomereza. Mwana amaimba nyimbo yomweyo kwa woyamba amene wakumana naye, kwa wachiwiri, mpaka kwa wachitatu, mawu osasintha, koma ife omvera mtima unkakwera chifukwa zinthu zomuzungulira zinali zitasintha. Tanthauzo la nyimbo yobwerezedwa limachokera pa kusiyana kwa pamene tinaimva koyamba ndi pamene tikuimva tsopano.

M'sewero lanu, tinene kuti mwera wawomba usiku, kwacha, mabwato ena afika koma la mnyamatayo silikuoneka. Mayi aime pagombe aimbe kolasi yokha, osati mavesi, pang'onopang'ono, ng'oma ili chete. Zisapitirire theka la mphindi. Asinthe liwu limodzi lokha, ati "udzabwera kukacha", dzuwa litatuluka kale. Mawu amene anali lonjezo m'kamwa mwa mwana asanduka pemphero m'kamwa mwa mayi amene poyamba anawakana. Ngati woimbayo angathe, aleke mzere womaliza uli pakati, chifukwa oonerera akuudziwa ndipo aumalizitsa okha mumtima. Mudzadziwa kuti zalakwika mukaona anthu akuwomba m'manja motsatira chuni, chifukwa ndiye kuti akumva nyimbo yokoma ija, sakuona mayi.

Mtsikana wa gulu la zisudzo la kutchalitchi:
Ife zinatichitikira zimenezo. Tinabwereza nyimbo ya ukwati pa gawo la maliro kuti anthu amve chisoni, koma tinaiimba pa liwiro lomwelo, ndipo amayi ena anayamba kululutira. Komanso panali patangopita mphindi zisanu kuchokera pamene tinaiimba koyamba, ndiye anthu anaganiza kuti oimba asokoneza ndondomeko.

Woimbitsa kwaya, Salima:
Za kufupikitsa ndamva, ndipo ndavomera. Koma zoti mayi aimbe okha ndikukayika. Kwathu kuno munthu salira yekha pagombe, amayi anzake amabwera kudzakhala naye. Ine ndikanati mayi atsogolere, amayi ena avomere motsitsa ngati mmene timachitira pa siwa. Komanso kusintha liwu sikofunika. Akaimba "ndidzabwera" momwemo, anthu amva kuti akukumbukira mawu a mwana wawo ndi a mwamuna wawo nthawi imodzi.

Mayi amene anaphunzitsapo zisudzo:
Mfundo yosasintha liwuyo ndi yamphamvu, bambo, ndipo sindinaiganizire. Nkhawa yanga ndi kuvomera kwa gulu: kukamveka ngati nyimbo ya pa siwa, oonerera atsimikiza kuti mnyamata wafa, pamene sewero silinanene zimenezo. Zitengera mmene aphunzitsi akufuna kumalizira.

Mphunzitsi, Nkhotakota:
M'zolemba zathu mnyamatayu amabwera masana, bwato litakocheza kutali, cha ku Chia, koma mnzake mmodzi palibe. Ndiye mwina amayi ovomera aja akhoza kukhalapo, chifukwa maliro alipodi, kungoti si a nyumba imene anthu akuganizira. Loweruka tiyesa njira zonse ziwiri, "udzabwera" ndi "ndidzabwera", ndipo nyimbo zina zinayi ndiziyesa pozichotsa monga mwanenera. Ndikuona kale kuti ya pamsika ija igwa. Chimene chikundivutabe ndi ichi: iye akafika n'kupeza mayi a mnzakeyo ali pagombe, kodi chuniyo imvekenso kachitatu pa gitala yekha, kapena pamenepo pangokhala chete?